Chibwano chimene kamera sinachione

Mayi wina anabwera kuntchito kwanga atanyamula foni, mufonimo muli chithunzi cha malemu bambo ake. Mwambo wa chiliza unali utayandikira ndipo banja linkafuna chithunzi chachikulu choika mufulemu. Chithunzi chooneka bwino chinali chimodzi chokha, chimene gogoyo anajambulidwa paukwati wa mdzukulu wake m'chaka chake chomaliza. Nthawi imeneyo n'kuti manja atayamba kunjenjemera, lezala atasiya kugwira, ndevu za imvi zitadzaza masaya ndi chibwano. Koma munthu amene ana ake ankamudziwa anali mphunzitsi wometa m'mawa uliwonse.

"Achimwene, tangowametani ndevuzi," anatero mayiyo. "Si pakompyuta pomwepo?"

Anthu ambiri amaganiza choncho, ndipo sindiwaimba mlandu. Wometa akachotsa ndevu pankhope ya munthu, chibwano chimatulukira chokha chifukwa chinalipo kale. Pachithunzi sizili tero. Kamera imasunga kuwala kokhako kumene kwachokera pa chinthu chimene chili pamaso pake. Ngati ndevu zinaphimba chibwano tsiku lojambulalo, ndiye kuti chibwanocho mulibe m'chithunzimo, ngakhale mutafufuta motani. Kunsi kwa ndevu za pachithunzi kulibe kanthu. Wokonza chithunzi sameta munthu, amamuumbira nsagwada yatsopano, ndipo funso lonse lagona pa kumene watenga muyezo wa nsagwadayo.

Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinadalira diso langa, ndinapaka khungu pamene panali ndevu, n'kudula nkhope mmene ndinaonera kuti ikukhala bwino. Chithunzi chinatuluka choyera, chopanda chilema chooneka. Mayi uja anachitumiza kumudzi kwa amayi ake, ndipo yankho linabwera madzulo omwewo: "Maso ndi awo, mphuno ndi yawo, koma awa si amuna anga." Ndinali nditawapatsa chibwano chosongoka cha mnyamata, pamene iwo anali ndi nsagwada yotambalala. Nditayeza pambuyo pake ndinapeza kuti ndinaphonya ndi mamilimita asanu ndi atatu m'lifupi ndi atatu m'litali. Mamilimita ochepa chonchi anakwanira kusandutsa mwamuna wa munthu kukhala mlendo.

Kuyeza musanakhudze ndevu

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kufunafuna chithunzi china cha munthu yemweyo ali wometa, kaya n'chakale, kaya n'chothimbirira. Sichikufunika kuti tichotsepo khungu, chikufunika kuti chitiuze pamene fupa likuthera. Kuno kwathu pali mwayi wina: kuyambira pa kalembera wa m'chaka cha 2017 akuluakulu ambiri ali ndi chiphaso cha unzika, ndipo chithunzi cha pachiphasocho, ngakhale n'chaching'ono, munthu amajambulidwa atayang'ana kutsogolo ndendende, atatseka pakamwa. Pa nkhani ya gogo uja, chiphaso ndicho chinatipulumutsa. Ndinapempha kuti achijambule pamalo owala, foni itayang'anizana nacho bwinobwino osapendekeka, ndiponso kuti zithunzi zonse azitumize pa WhatsApp ngati Document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwa njira ya masiku onse chimafika chitafinyidwa, tizinthu ting'onoting'ono titatayika.

Zithunzi ziwiri sizikhala zofanana kukula, choncho pamafunika rula imene ili pankhope pomwepo. Rula yabwino koposa ndi mtunda wa pakati pa maso, kuchokera pa mwanadiso wina kufika pa mnzake. Munthu akakula mtunda umenewu susintha, kaya wanenepa, kaya waonda, kaya wasunga ndevu, ndipo kwa akuluakulu ambiri umakhala pafupifupi mamilimita 63. Mu Photoshop mumayeza ndi Ruler Tool, mu GIMP, pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito yomweyi, mumayeza ndi Measure. Zonse zimawerenga m'mapikiselo, timadontho tija timene timapanga chithunzi.

Pachithunzi cha paukwati, maso a gogoyo anatalikirana mapikiselo 420. Pachiphaso anatalikirana 150. Ndiye kuti chilichonse chimene ndayeza pachiphaso ndiyenera kuchichulukitsa ndi 2.8 kuti chikwane pachithunzi chachikulu. Pachiphaso, kuchokera pamzere pamene milomo imakumana kufika kunsi kwa chibwano panali mapikiselo 108, amene pachithunzi chachikulu akukhala 302. M'lifupi mwa nsagwada, pamalo aja kunsi kwa makutu pamene fupa limakhota, munali 270, kutanthauza 756. Ulendo woyamba uja ndinaika 700 m'lifupi. Ndevu zenizenizo zinkathera pa mapikiselo 410 kunsi kwa milomo, ndiye kuti mapikiselo 108 omalizira, pafupifupi sentimita ndi theka, zinali ndevu zokhazokha zolendewera pamwamba pa khosi ndi kolala.

Akatswiri ojambula nkhope ali ndi lamulo lakale kwambiri, limene Leonardo da Vinci nayenso ankaligwiritsa ntchito, loti nkhope imagawika patatu mofanana: kuyambira pamene tsitsi layambira kufika pansidze, pansidze kufika kunsi kwa mphuno, kunsi kwa mphuno kufika kuchibwano. Gawo lomalizali amaligawanso: mtunda wochokera pamilomo kufika kuchibwano umakhala kuwirikiza kawiri mtunda wochokera kumphuno kufika pamilomo. Kwa gogoyo, kumphuno kufika pamilomo kunali mapikiselo 140, choncho lamulo likanati chibwano chithere pa 280. Chiphaso chinati 302. Lamuloli limakufikitsani pafupi pamene mulibe china chogwira, koma limafotokoza nkhope ya munthu wamba amene kulibe, ndipo chimene chimachititsa kuti munthu azindikirike ndi pomwe iye wasiyana ndi lamulolo.

Mukatha kuwerengetsa, ikani chithunzi chakalecho pamwamba pa chatsopano. Mapulogalamu amenewa amagwira ntchito ndi chimene amachitcha Layer, chomwe mungachiyerekeze ndi magalasi osanjikizana, lililonse lili ndi chojambula chake. Chepetsani Opacity ya chithunzi chakale kufika pa 50% kuti muziona zonse ziwiri nthawi imodzi, kenako chikulitseni ndi kuchitembenuza mpaka maso agwirizane. Apa pali chiyeso chofunika: maso akagwirizana, onani ngati kunsi kwa mphuno ndi nsonga za makutu zagwirizananso. Ngati makutu a chithunzi china akwera pamwamba, ndiye kuti pa chithunzi chimodzi munthuyo anaweramitsa mutu kapena anadzutsa chibwano, ndipo muyezo wanu wa m'litali sungadalirike. Ngati khutu lina likuoneka kwambiri kuposa linzake, anacheukira kumbali, ndipo m'lifupi ndimo mwasokonekera. Chenjeraninso ndi chithunzi chodzijambula yekha foni ili pafupi ndi nkhope, chifukwa chimakulitsa mphuno n'kubisa mbali za nsagwada. Kuseka nakonso kumatsitsa chibwano ndi kukweza masaya.

Ndiye pali zaka. Chiphaso cha gogoyo chinali chakale ndi zaka zingapo, ndipo matenda anali atawaondetsa. Fupa silisintha kwenikweni, pokhapokha munthu ataguluka mano ambiri, pamene kunsi kwa nkhope kumafupika. Mnofu ndiwo umasintha. Ndinasunga malo a fupa mmene chiphaso chinanenera, koma ndinalowetsa masaya pang'ono motsatira mmene ankaonekera pamwamba pa ndevu m'chithunzi chatsopano, ndiponso ndinasiya khungu litagwa pang'ono m'mbali mwa chibwano monga limachitira mwa okalamba. Nsagwada yowongoka ngati rula pankhope ya munthu wa zaka zoposa 70 imadziulula yokha.

Ndevu zomwezo zimanenanso zambiri kwa amene akuziyang'anitsitsa. Pafupi ndi khutu zimakhala zopyapyala, ndipo nthawi zambiri mumaona pamene nsagwada yayambira kutsika. Pamene fupa limakhota, ndevu zimasintha kuwala, zapamwamba zimawala, zakunsi zimalowa mumdima. Malo okhotawo amakhala molingana ndi pakamwa kapena kunsi pang'ono. Mukapeza malo asanu, kunsi kwa khutu lililonse, pokhota pawiri ndi kunsi kwa chibwano, alumikizeni ndi Pen Tool, mu GIMP ndi Paths, n'kusunga mzerewo. Kuyambira pamenepo mzere umenewu ndiwo malire a munda, ndipo palibe burashi imene iyenera kuwudumpha.

Kuumba

Anthu ofulumira amayamba ndi khungu la pachibwano. Ine ndimayamba kunja kwa mzere, ndi zimene ndevu zinaphimba koma si nkhope: khosi, kolala ya malaya, ndi khoma kapena nsalu ya kumbuyo. Sankhani kunja kwa mzere uja kuti burashi isalowe mkati, tsegulani Layer yopanda kanthu, n'kutenga Clone Stamp, chida chimene chimakopera malo ena a chithunzi n'kuwadinda pena. Kolala mupitirize mzere wake kuchokera pamene ikuoneka. Khosi mulitenge kunsi, pamene palibe ndevu. Mukamaliza, nkhope imakhala ili ndi ndevu zodulidwa ndendende pa mzere wa nsagwada, ndipo apa ndi pabwino kuima n'kuyang'ana muli patali. Ngati maonekedwe a mutu sakufanana ndi munthuyo panopa, sadzafanananso mukapaka khungu. Ine ndinatumiza chithunzi chili pamenepa kwa mayi uja, ndipo anayankha kuti, "Eya, mutuwo ndi wa adadi." Ndi pamene ndinapitiriza.

Mkati mwa mzere ntchito imagawika pawiri, mtundu wa khungu payokha, timabowo ndi makwinya a khungu payokha. Kuyesa kuchita zonse nthawi imodzi ndi kumene kumabala chibwano chonga cha pulasitiki. Pali chida chotchedwa Healing Brush chimene chimakoma kwambiri pochotsa chiphuphu kapena chipsera chaching'ono, chifukwa chimasakaniza chimene mwadinda ndi mtundu wa malo ozungulira. Pa ndevu khalidwe lomweli limasanduka vuto, pakuti malo ozungulirawo ndi ndevu, ndiye chimakoka kuda kwake kapena imvi zake n'kuzipaka pakhungu ngati mwaye. Content-Aware Fill, imene inabwera mu Photoshop m'chaka cha 2010, imadzaza malo potengera zimene zili pafupi, ndipo siidziwa kuti pali fupa. Mukaipatsa ndevu zonse ikhoza kukuikirani chidutswa cha mlomo kapena cha kolala pachibwano.

Choncho poyamba ndimapaka mtundu ndi burashi wamba yofewa, Flow ili pakati pa 5% ndi 10%, ndikutapa mtundu patsaya pafupipafupi podina Alt. Khungu la munthu si la mtundu umodzi. Pamasaya limafiirira, pamphumi limawala, ndipo pamene mwamuna amameta limakhala lotuwirako ndi lodererako chifukwa mizu ya ndevu imakhala ikadali mkati. Mukapaka chibwano cha bambo wamkulu mtundu weniweni wa pamphumi, chimaoneka ngati cha mwana. Amuna ambiri a ndevu zopotana amakhalanso ndi timabala ndi tiziphuphu ta lezala kunsi kwa nsagwada. Sindikunena kuti muzijambula ziphuphu, koma khungu losalala kotheratu pamalo amenewa si loona.

Tsopano tafika pa chimene ndimachiona kuti n'chovuta koposa. Mzere wa kunja umanena m'lifupi ndi m'litali basi. Chimene chimachititsa chibwano kuoneka chotulukira kutsogolo, osati chophwatalala ngati mbale, ndi kuwala ndi mthunzi. Musanapake, fufuzani kumene kuwala kunkachokera. Kadontho koyera ka m'diso kamakuuzani: kwa gogoyo kanali kumtunda chakumanzere m'maso onse awiri, ndipo mthunzi wa mphuno unagwera kumanja chakunsi. Chibwano nacho chiyenera kumvera kuwala komweko. Nsonga yake ili ngati kampira, imawala mbali ya kumanzere chakumtunda. Pakati pa mlomo wakunsi ndi kampirako pali kachigwa kamene kamada nthawi zonse pamene kuwala kwachokera kumwamba, ndipo mukakaiwala, mlomo umaoneka ngati womata. Kunsi kwa nsagwada kumalowa mumdima. Pomaliza pali mthunzi umene chibwano chimaponya pakhosi. Ndevu zinkaponya mthunzi wautali, chibwano chometa chimaponya waufupi wotsatira mzere watsopano uja, wakuda kwambiri pafupi ndi fupa, wofewa pamene ukutsika.

Pa khungu lakuda pali mfundo ina imene maphunziro ambiri a ntchitoyi, opangidwa poyang'ana nkhope za azungu, saitchula. Pankhope yoyera maonekedwe a fupa amaoneka makamaka chifukwa cha mithunzi. Pankhope yakuda amaoneka makamaka chifukwa cha kunyezimira, timalo towala tija ta pamphumi, pamphuno ndi pamwamba pa masaya. Mukangodetsa kunsi osaika kunyezimira pansonga ya chibwano ndi m'mphepete mwa nsagwada, kunsi kwa nkhope kumamira m'khosi. Kunyezimirako kufanane mphamvu ndi kwa patsaya, kusapose. Gogoyo anavala malaya oyera, ndipo malaya oyera amabweza kuwala m'mwamba, choncho ndinaika kamzere kofewa kowala pang'ono kunsi kwenikweni kwa nsagwada. Kamzere kameneka ndi kamene kanalekanitsa nkhope ndi khosi. Zonsezi ndimazichita pa Layer yodzazidwa ndi 50% Gray, yoikidwa pa Soft Light, n'kumapakapo zoyera ndi zakuda ndi burashi yofooka kwambiri, Flow ili pa 2% kapena 3%. Zimatenga nthawi, kupaka n'kubwerera m'mbuyo, kupakanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Timabowo ta khungu timabwera pomaliza. Ndimakopera kachigawo ka patsaya kapena ka pakhosi, kuchotsa mtundu wake, n'kukadutsitsa pa High Pass ya mapikiselo atatu kapena anayi, imene imasiya timabowo ndi makwinya okha. Kenako ndimakaika pa Overlay pamwamba pa chibwano. Musadinde kachigawo kamodzi kawirikawiri osakatembenuza, chifukwa diso limagwira msanga kadontho kamene kabwerezedwa katatu pamzere. Chithunzi chilichonse chilinso ndi timchenga take tochokera mu kamera, ndipo malo opakidwa ndi burashi alibe. Add Noise ya 1% kapena 2% imabwezeretsa timchengato. M'mphepete mwa nsagwada mufewetse mofanana ndi m'mphepete mwa khutu kapena tsaya pa chithunzi chomwecho, kawirikawiri mapikiselo awiri kapena atatu. Mzere wakuthwa kuposa china chilichonse pankhope umaoneka ngati wodulidwa ndi sizasi.

Ndevu za pamlomo wam'mwamba n'zazing'ono koma zimagwetsa akatswiri. Pamene ankamaliza filimu ya Justice League imene inatuluka mu 2017, Henry Cavill anali atasunga ndevu za pamlomo chifukwa cha filimu ina, Mission: Impossible – Fallout, ndipo sanaloledwe kumeta. Anazichotsa pakompyuta, ndipo oonera padziko lonse anaona kuti pakamwa pa Superman pali chachilendo. Pakati pa mphuno ndi mlomo pali kangalande kokhala ndi timizere tiwiri m'mbali, ndipo m'mphepete mwa mlomo muli kamzere kowala. Zikasowa zimenezi, munthu amaoneka ngati watupa. Mwamwayi gogoyo anali ndi ndevu zochepa pamlomo, ndipo kangalandeko kankaonekera.

Poyesa ntchito ndimachita zinthu zitatu. Ndimachepetsa chithunzi mpaka chikhale ngati cha pachiphaso, chifukwa patali m'pamene nkhope imazindikirika kapena kukanika. Ndimachitembenuza ndi Flip Canvas Horizontal, pakuti diso likazolowera chithunzi limasiya kuona kupendekeka, ndipo kutembenuza kumalidzutsa. Koma musakonze mpaka mbali ziwiri zifanane ndendende, palibe munthu wotero, ndipo gogoyo chibwano chawo chinapendekera kumanzere pang'ono ngakhale pachiphaso. Ndimachotsanso mtundu kwa kanthawi kuti chikhale chakuda ndi choyera, ndipo malo alionse amene awala kapena kuda mosayenera amaonekera poyera.

Kuika ndevu pamene panalibe

Mu Okutobala 1860 mtsikana wa zaka 11, Grace Bedell wa ku Westfield m'chigawo cha New York, analembera kalata Abraham Lincoln yomulangiza kuti asunge ndevu chifukwa nkhope yake inali yowonda. Lincoln anasungadi, ndipo pamene ankalumbiritsidwa kukhala pulezidenti wa Amereka mu Malichi 1861 anali ndi ndevu. Osindikiza zithunzi anali atakonza kale miyala ndi zitsulo zosindikizira nkhope yake yometa, ndipo ambiri, m'malo moyambiranso, anangojambulapo ndevu pamwamba, ena asanaone n'komwe mmene zenizenizo zinkaonekera. Zithunzi zimenezo zilipo mpaka lero, ndipo zina zimaonetsa vuto limene timalimbana nalo pakompyuta: ndevu zokhala ngati zomata, zosagwirizana ndi fupa lili kunsi kwake.

Kuika n'kosavuta kuposa kuchotsa pa chifukwa chimodzi, chakuti nsagwada ikuoneka. Ngozi yake ndi kuikwirira. Jambulani mzere wa nsagwada ndi Pen Tool musanayambe, monga poyamba paja, kenako ganizani kuti ndevuzo zikhale zazitali bwanji. Ndevu zimakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Pa chithunzi chonga cha gogo uja, pamene mamilimita 63 ndi mapikiselo 420, milimita imodzi ndi mapikiselo pafupifupi asanu ndi awiri. Ndevu za masabata awiri, mamilimita asanu, sizingapitirire mzere wa nsagwada ndi mapikiselo oposa 35, ndipo ngati n'zopotana zimatuluka pang'ono kuposa apo chifukwa zimadzipinda. Jambulani mzere wachiwiri kunja kwa woyamba, wotalikirana nawo pang'ono pafupi ndi makutu, wotalikirana kwambiri pachibwano. Mzere wachiwiriwu ukamatsatira woyamba, munthu amakhalabe yemwe uja.

Musayambe ndi tsitsi. Yambani ndi mdima umene ndevu zimabweretsa pakhungu, wopakidwa pa Layer ya Multiply, umene umadetsa koma n'kusiya kuwala ndi mthunzi wa nkhope zikuonekera. Apa ndi pamene chibwano chimapulumuka kapena kutayika. Kampira kaja kayenera kukhalabe kowala kuposa kunsi kwa nsagwada ngakhale kali ndi ndevu. Mukapaka mdima wofanana ponseponse, mwaveka munthu nsalu yakuda kukamwa. Tsitsi lenilenilo ndi lopyapyala kwambiri, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a milimita, choncho pa chithunzi chathuchi silikwana ngakhale pikiselo imodzi. Burashi ya pikiselo imodzi kapena awiri ndiyo yoyenera. Ndevu zowongoka zimajambulidwa ndi timizere tolozera kunsi pamasaya, n'kumapinda kutsogolo kunsi kwa chibwano. Zopotana zimajambulidwa ndi timizere topinda ngati mwezi watsopano, toloza mbali zosiyanasiyana, tosanjikizana m'magulumagulu. Mu Brush Settings, Angle Jitter ndi Scattering zimathandiza kuti tsitsi lisafole ngati asilikali. Ndimagwiritsa ntchito mitundu itatu yotapa ku tsitsi la m'mutu la munthu yemweyo, wakuda pansi, wapakati pamwamba pake, ndi wowala pang'ono kumbali kumene kukuchokera kuwala kokha.

Yang'anitsitsani bambo aliyense wa ndevu mu minibasi ndipo muona kuti sizimera mofanana. Kunsi kwa mlomo, mbali zonse ziwiri za kagulu ka pakati, nthawi zambiri pamakhala timalo topanda tsitsi. Patsaya zimayamba zapatalipatali n'kumathithikana potsika. Kukhosi, amene amazisamala amazidulira zala ziwiri pamwamba pa kholingo. Timalo toonekera khungu timeneti ndi timene timasonyeza kuti kunsi kuli nkhope. Ndipo musaiwale kutalikitsa mthunzi wa pakhosi, pakuti ndevu zatsitsa malire.

Pali ntchito zimene ndimakana. Chithunzi cha pasipoti kapena cha chiphaso china chilichonse sichikonzedwa motere, chiyenera kuonetsa munthu mmene alili. Nkhope ya munthu wamoyo sindiisintha mwini wake asanavomere. Ndipo ngati ndevu n'zazitali, zophimba kuyambira m'makutu mpaka pachifuwa, popanda chithunzi china chilichonse cha munthuyo ali wometa, ndimawauza abale mosabisa kuti chimene ndingapange ndi chibwano chongopeka. Ena amabweretsa chithunzi cha mchimwene wake kapena cha mwana wake wamwamuna, amati amafanana. Amafananadi, koma chotuluka chimakhala nkhope ya anthu awiri. Zikatero ndimapereka njira ina, yongofupikitsa ndevuzo ndi kuzikonza m'mphepete ngati munthu wachokera kometetsa, chifukwa pamenepo zongopeka zimachepa.

Chithunzi cha gogo uja chinanditengera masiku awiri. Ndinachisindikiza pa A4, imene pa madontho 300 pa inchi imafuna mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, ndipo ndinayamba ndasindikiza kope loyesera chifukwa pepala limadetsa mithunzi kuposa kompyuta. Mthunzi wa pakhosi unatulukadi wakuda kwambiri, ndinaupepuza n'kusindikizanso. Mayi uja atabwera kudzatenga anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza ndi chala kumanja kwa chibwano.

"Apa panali kachipsera. Anagwa panjinga ali mnyamata."

Tinakulitsa chithunzi cha chiphaso chija mpaka mapikiselo kuoneka ngati njerwa, ndipo kanalipodi, kamzere kotuwa kopingasa, kotalika mapikiselo asanu ndi awiri, kamene ine ndinkayesa kukalika kwa pulasitiki ya chiphaso. Ndinachulukitsa ndi 2.8, n'kukajambula pamalo pake, mapikiselo 20, ndipo tinasindikiza kachitatu.